Kulemera Kumene Kumasowa mu Atomu

Mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri akagwirana n'kupanga phata la atomu ya heliyamu, phatalo limapepukirapo kusiyana ndi tizidutswa tinayi tomweto tikakhala patokhapatokha. Asayansi amati kumeneku ndi kuperewera kwa kulemera. Sikuti sikelo yalakwa kapena kachidutswa kena kagwa panjira. Zimachitika mu phata lililonse lokhala ndi tizidutswa topitirira kamodzi, ndipo kukula kwa kupereweraku ndi kumene kumasonyeza mmene phatalo lagwiranira.

Chifukwa chake chili mu zimene Albert Einstein anasonyeza mu 1905, zoti kulemera ndi mphamvu zimayendera limodzi, E = mc². Tizidutswa tikamakokana n'kumangana, mphamvu imatuluka, ndipo imapita ndi kulemera kwake. Wofuna kuphwasula phatalo kuti kachidutswa kalikonse kakhalenso pakokha ayenera kubweza mphamvu yonse ija. Imeneyi ndiyo mphamvu yomangira. Dzinali limasocheretsa ambiri, poganiza kuti ndi mphamvu yosungidwa m'kati mwa phata ngati chimanga m'nkhokwe. Koma imafanana kwambiri ndi ngongole: ndi mphamvu imene inachoka kale, yoyenera kulipidwa phata lisanamasuke.

Kuwerengera kwake kumafuna miyeso iwiri. Kulemera kwa maatomu kumalembedwa mu u, ndipo u imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 12 a kulemera kwa atomu ya kaboni-12. Mphamvu imalembedwa mu MeV, ndipo u imodzi ikufanana ndi 931.494 MeV. Atomu ya haidulojeni, yomwe ndi pulotoni imodzi ndi elekitiloni imodzi, imalemera 1.007825 u. Nyutuloni imalemera 1.008665 u. Atomu ya heliyamu-4 imalemera 4.002603 u.

Poyamba amaphatikiza kulemera kwa zomangira zonse. Maatomu awiri a haidulojeni ndi 2.015650 u, manyutuloni awiri ndi 2.017330 u, zonse pamodzi 4.032980 u. Kenako amachotsapo kulemera kwa atomu yomangidwa kale ija:

4.032980 − 4.002603 = 0.030377 u

Kuperewera ndi kumeneku. N'kochepa, sikukwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera konse, koma kukachulukitsidwa ndi 931.494 kumapereka 28.30 MeV. Pulotoni ndi nyutuloni zili ndi dzina limodzi lozitchulira zonse, nyukiliyoni, ndipo mu heliyamu-4 muli manyukiliyoni anayi. Kugawa 28.30 ndi 4 kumapereka 7.07 MeV pa nyukiliyoni iliyonse.

Wina angadabwe kuti haidulojeni yalowamo bwanji pomwe nkhani ndi ya mapulotoni. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Manambala a m'mabuku ndi a atomu yathunthu, ndi maelekitiloni ake omwe, chifukwa ndi amene amayezedwa mosavuta. Choncho 4.002603 u yanyamula maelekitiloni awiri. Maatomu awiri a haidulojeni nawonso ali ndi maelekitiloni awiri, moti pochotsera paja maelekitiloni a mbali ziwirizi amafafanizana okha. Munthu akatenga pulotoni yokha, ya 1.007276 u, n'kusiya heliyamu ndi maelekitiloni ake, amapeza 0.029279 u, ndiye kuti 27.27 MeV. Yankho lachepa ndi 1.02 MeV, ndipo nambala imeneyi imaulula cholakwa, popeza elekitiloni imodzi ikufanana ndi 0.511 MeV. Yankho likaperewera ndi theka la MeV pa pulotoni iliyonse, maelekitiloni ndiwo aiwalika. Njira ya mapulotoni si yolakwika, bola maelekitiloni ayambe achotsedwa pa kulemera kwa atomu. Kunena zoona, kufafanizana kuja si kwathunthu, chifukwa maelekitiloni nawo ali ndi kamphamvu kowamangirira ku phata, koma mu maatomu opepuka n'kochepa kwambiri moti sikasintha yankho.

Msampha wina ndi kudula manambala msanga. Pano akuchotsera manambala awiri oyandikana kwambiri, ndiye yankho lonse lili m'timanambala takumapeto. Wolemba 1.01 pa haidulojeni, 1.01 pa nyutuloni ndi 4.00 pa heliyamu amapeza 0.04 u, pafupifupi 37 MeV, kutali ndi 28.30. Timanambala tonse 6 takutsogolo kwa kadontho tisungidwe mpaka kuchotsera kutatha.

N'chifukwa chiyani amagawa ndi chiwerengero cha manyukiliyoni? Phata lalikulu limakhala ndi mphamvu yomangira yambiri chifukwa chongokhala ndi tizidutswa tambiri, ndiye mphamvu yonse siyiuza munthu phata lolimba. Chitsulo-56 chili ndi mapulotoni 26 ndi manyutuloni 30. Maatomu 26 a haidulojeni ndi 26.203450 u, manyutuloni 30 ndi 30.259950 u, pamodzi 56.463400 u. Atomu yake imalemera 55.934936 u, choncho kuperewera ndi 0.528464 u, komwe ndi 492.3 MeV. Kugawa ndi 56 kumapereka 8.79 MeV. Yureniyamu-235 ili ndi mphamvu yonse yoposa pamenepa kutalitali, pafupifupi 1,784 MeV, koma pa nyukiliyoni imodzi ndi 7.59 MeV basi. Chitsulo n'chomangika kuposa yureniyamu.

Pa chitsulo pomwepa pali cholakwa china chofala. Tchati cha maelementi chopachikidwa m'kalasi chimalemba 55.845 pa chitsulo. Nambala imeneyi si ya chitsulo-56. Ndi yapakatikati ya mitundu inayi ya chitsulo yopezeka m'chilengedwe, yosiyana chiwerengero cha manyutuloni, imene amati maaisotopu. Woigwiritsa ntchito amapeza 10.3 MeV pa nyukiliyoni, zomwe sizingatheke. Palibe phata lodziwika lofika pa 9 MeV. Lapamwamba pa onse ndi la nikelo-62, pa 8.795 MeV, kungoposa chitsulo-56 pang'ono, ngakhale mabuku ambiri amapereka ulemuwu kwa chitsulo. Yankho lopitirira 8.8 MeV ndi lofunika kulibwereza.

Manambalawa akajambulidwa kuyambira pa maatomu opepuka mpaka olemera, mzere wake umayambira pansi, pa 1.11 MeV ya haidulojeni yolemera ya pulotoni imodzi ndi nyutuloni imodzi. Umakwera mofulumira, ndipo heliyamu-4 imatumphukira pamwamba pa oyandikana nayo. Umafika pachimake pa chitsulo ndi nikelo, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Kutsikaku kumabwera chifukwa mphamvu yokoka manyukiliyoni imagwira pafupi pokha, pa oyandikana, pomwe pulotoni iliyonse imakankhana ndi mapulotoni ena onse a m'phatamo. Phata likamakula, kukankhana kumachuluka msanga kuposa kukokana.

Kusintha kulikonse kosunthira kuchimake kumatulutsa mphamvu. Phata la yureniyamu-235 likagawika pawiri, zidutswa zake zimakhala ndi pafupifupi 8.5 MeV pa nyukiliyoni. Kukwera kwa 0.9 MeV pa manyukiliyoni 235 kumapereka pafupifupi 200 MeV pa phata limodzi, pomwe atomu imodzi ya kaboni ikapsa m'makala imatulutsa zosakwana gawo limodzi mwa magawo 100,000 a MeV imodzi. Mbali ya maatomu opepuka, njira yokwerera ndi kuphatikizana. Francis Aston, ku Cambridge, atayeza maatomu ndi makina amene anapanga mu 1919, anapeza kuti heliyamu ndi yopepuka kuposa maatomu anayi a haidulojeni. Mu 1920 Arthur Eddington ananena kuti kusiyana kumeneku kungakhale gwero la kutentha kwa dzuwa. Ndi manambala aja, 4 × 1.007825 ndi 4.031300 u, ndipo kuchotsapo 4.002603 u kumasiya 0.028697 u, kapena kuti 26.7 MeV pa phata lililonse la heliyamu limene dzuwa limapanga.