Mukatumiziridwa chithunzi cha zotsatira za magazi: kawerengedwe ndi kamasulidwe kake

M'midzi ndi m'miphakati yathu, pepala lililonse la Chingerezi limafikira kwa aphunzitsi a mpingo kapena kwa mkhristu amene anapitako patali ndi sukulu. Kale anali makalata a ku Joni, koma masiku ano chimabwera ndi chithunzi cha pa foni: wodwala wayezetsa magazi, m'bale wake wajambula pepala la ku labotale, ndipo wina amene mtima uli m'mwamba akufunsa kuti, "Aphunzitsi, alemba chiyani apapa?" Wofunsidwayo si dokotala, komabe angathe kuwerenga zimene zalembedwa ndi kuzinena m'Chichewa popanda kuwonjezera kapena kuchotsera.

Tiyerekeze kuti mayi wa zaka 46, amene sali woyembekezera, wakhala akudandaula za kutopa ndi chizungulire. Mwana wawo wamkazi watumiza chithunzi chimene chikuonetsa mizere iyi:

```
Test   Result  Flag  Units    Reference Range
HGB    9.4     L     g/dL     12.0 - 15.0
MCV    71      L     fL       80 - 100
WBC    3.8     L     10^9/L   4.0 - 11.0
PLT    412     H     10^9/L   150 - 400
```

Musanayang'ane nambala iliyonse, yambani pamutu pa pepala. Onani dzina, zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi tsiku limene magazi anatengedwa. Mabanja ambiri amasunga mapepala a kuchipatala pamodzi, ndipo n'chapafupi kujambula pepala la chaka chatha kapena la munthu wina. Ngati mutu wa pepala wadulidwa pachithunzi, pemphani china. Chitaninso chimodzimodzi ngati pepala linapindidwa, ngati kuwala kwaphimba mzere, kapena ngati linajambulidwa mopendekeka, pakuti pamenepo diso limatsetsereka n'kuphatikiza dzina la mzere wapamwamba ndi nambala ya mzere wapansi. Kadontho ka pakati pa 9 ndi 4 ndi kakang'ono kwambiri, kotero chithunzi chikakhala chosaoneka bwino kamasowa. Wojambula aike pepala pathebulo, pamalo owala, foni ili pamwamba pake penipeni. Nambala imene simukuiona bwino musaiganizire.

Mzere uliwonse uwerengedwe wonse, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mzere woyamba ukunena za HGB, chidule cha himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse. Mapepala ena amalemba Hb. Pansi pa Result pali zimene zapezeka mwa mayiwa, 9.4. Pansi pa Units pali muyeso, g/dL, kutanthauza magalamu a himogulobini m'mamililita 100 a magazi, mlingo wofanana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la zakumwa la mamililita 300. Pansi pa Reference Range pali malire amene anthu athanzi ambiri amapezekamo. Chilembo L chikusonyeza kuti nambala yatsika kupyola malirewo, ndipo H chikusonyeza kuti yakwera.

Nambala yopanda muyeso wake siuza munthu kanthu, monga momwe munthu atati wakolola chimanga 20 mungafunse ngati ndi matumba kapena ndowa. Himogulobini yomweyi ya 9.4 g/dL, zipatala za ku Mangalande zingailembe 94 g/L, chifukwa kumeneko amawerengera pa lita yathunthu. Mwana amene ali kunja atamva 9.4 yokha, iye atazolowera manambala oposa 100, angaganize kuti mayi ake ali pafupi kumwalira. Pa shuga vutoli ndi lalikulu kuposa apa, popeza makina ena amaonetsa mmol/L pamene ena amaonetsa mg/dL. Shuga wa 7.0 mmol/L ndi yemweyo wa 126 mg/dL. Nambala yoyambayo imachulukitsidwa ndi 18. Dziwaninso kuti mapepala ena ochokera ku South Africa ndi ku Mozambique amaika mpatuliro pamalo pa kadontho, kotero 9,4 ndi 9.4 ndi nambala imodzi. Womasulira atchule nambala pamodzi ndi muyeso wake nthawi zonse, ndipo aiyerekeze ndi malire amene asindikizidwa papepala lomwelo, osati a pepala la chipatala china.

Tsono malirewa amachokera kuti? Akatswiri amayeza gulu la anthu athanzi, n'kuika malire pamene pagwera anthu 95 mwa anthu 100 aliwonse. Izi zikutanthauza kuti munthu mmodzi mwa anthu 20 athanzi amagwa kunja kwa malire ngakhale sakudwala chilichonse. Pepala likakhala ndi mizere 20, si zachilendo kupezapo L kapena H mmodzi ngakhale mwa munthu wamphamvu amene akulima m'munda mwake tsiku ndi tsiku. Malire amasiyananso malinga ndi munthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati magazi achepa ngati himogulobini yatsika kupyola 13 g/dL mwa mwamuna, ndi kupyola 12 g/dL mwa mkazi amene sali woyembekezera. Amayi oyembekezera ndi ana ali ndi malire awoawo. N'chifukwa chake mutu wa pepala uja ndi wofunika: ngati alembi analakwitsa zaka kapena kulemba mwamuna m'malo mwa mkazi, makina amasindikiza malire olakwika.

Papepala la mayi athuwa mizere yonse inayi ili ndi chizindikiro, ndipo n'chifukwa chake mwana wawo wachita mantha. Koma zizindikiro zinayizi sizilemera mofanana. Funso loyenera kufunsa pa mzere uliwonse ndi lakuti, kodi nambala yapyola malire ndi mtunda wotani? WBC ndi chiwerengero cha maselo oyera, asilikali a m'thupi. Apeza 3.8 pamene malire ayambira pa 4.0, ndiye kuti yangophonya pang'ono. Komanso anthu ambiri a mu Afirika mwachibadwa amakhala ndi maselo oyera ocheperapo kusiyana ndi azungu, iwo ali athanzi. PLT ndi timaselo tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. 412 wangodutsa 400 pang'ono. Himogulobini ndiyo yatsika ndithu: kuchokera pa 12.0 kufika pa 9.4 ndi mtunda. Malinga ndi magawo a WHO, mwa mkazi amene sali woyembekezera, kuyambira 8.0 mpaka 10.9 ndi kuchepa kwapakatikati, ndipo pansi pa 8.0 ndi kuchepa kwakukulu. MCV ndi kukula kwa maselo ofiira, ndipo 71 akusonyeza kuti maselowo ndi aang'ono.

Maselo ofiira akakhala aang'ono, himogulobini n'kutsika, kawirikawiri m'thupi mumakhala mutachepa ayironi. Apa ndi pamene womasulira ayenera kudzigwira. Pepala lanena kuchuluka ndi kukula, koma silinanene chifukwa. Ayironi amachepa chifukwa cha zakudya, kusamba kochulukitsa, njoka zam'mimba, likodzo, kapena magazi otayika pang'onopang'ono m'matumbo, ndipo pali anthu ena amene maselo awo ndi aang'ono chibadwire. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna kufunsa wodwala, kumupima, ndipo mwina kuyezanso. Amene wangoona chithunzi n'kunena kuti, "Ndi ayironi basi, kaguleni mapilitsi," angachedwetse kupezeka kwa chilonda chimene chikutaya magazi.

Mawu a Chichewa nawonso afunika kusankha. Timati "kuchepa kwa magazi", ndipo mawuwa ndi ovomerezeka, koma pakamwa pa anthu sachedwa kusanduka "magazi atha". Wakumva amayamba kuganiza zofuna opereka magazi, ndipo ena amayamba kuloza anzawo zala. Himogulobini siyeza kuchuluka kwa magazi m'mitsempha. Imayeza mphamvu ya magaziwo yonyamula mpweya. Mbali inayo pali chiyeso chimene chimagwira anthu achifundo, chonena kuti, "Palibe vuto, zonse zili bwino," pofuna kutonthoza. Kutero si kumasulira mokhulupirika, ndipo banja likamva choncho silibwereranso kuchipatala.

Choncho yankho labwino lingakhale lotere: "Achemwali, pepalali ndi la amayi, ndipo magazi anatengedwa Lachiwiri lapitali. Ayeza zinthu zinayi. Ziwiri zangodutsa malire pang'ono. Chachikulu ndi himogulobini, imene imanyamula mpweya m'magazi. Apeza magalamu 9.4 pa mamililita 100, pamene pepala likuti akazi ambiri athanzi amakhala pakati pa 12 ndi 15. Ndiye kuti yatsika ndithu, ngakhale siinafike pa gawo lotsikitsitsa, ndipo mwina n'chifukwa chake amayi akutopa. Maselo ofiira ndi aang'ono. Pepala silikunena chimene chachititsa. Pitani nawo kwa adokotala amene anawatuma kukayezetsa, pepala lenilenilo lili m'manja, mukafunse chimene chatsitsa magazi, mankhwala oyenera, ndi tsiku lodzayezanso." M'mawu amenewa nambala yatchulidwa ndi muyeso wake, malire atchulidwa, ndipo womvera akudziwa pamene pathera mawu a pepala ndi pamene payambira ntchito ya dokotala.

Womasulira afunsenso mmene wodwala alili lero, pakuti pepala likunena za tsiku limene magazi anatengedwa. Ngati mayiwo akupuma movutikira ngakhale atakhala pansi, mtima ukugunda kwambiri, akomoka, akumva kupweteka pachifuwa, akutaya magazi, kapena chimbudzi chawo ndi chakuda bii, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anapatsidwa. Ngati papepala palembedwa mawu akuti Critical kapena Urgent, anene zimenezo poyambirira penipeni.

Mapepala ena sakhala ndi manambala koma mawu, ndipo awiri mwa mawuwo amasokoneza ngakhale odziwa Chingerezi. Positive satanthauza kuti zili bwino. Amatanthauza kuti chimene amafufuzacho chapezeka, monga tizilombo ta malungo. Negative amatanthauza kuti sichinapezeke pa kuyeza kumeneko. Mawu akuti Reactive ndi Non-reactive amayenda mofanana ndi awiriwa, ngakhale Reactive nthawi zambiri amafuna kuyezanso kuti atsimikize. Pending amatanthauza kuti zotsatira sizinatuluke, osati kuti palibe chapezeka.

Mawu amenewa amapezeka kwambiri pa mizere ya HIV, chindoko, matenda a chiwindi ndi mimba, ndipo apa pali funso lina: kodi mwini pepala akudziwa kuti chithunzi chake chatumizidwa? Amene watumiza ndi mwana, koma magazi ndi a amayi. Mukaona mzere wotere, musauwerengere m'bale wina aliyense, ngakhale mwamuna wa wodwalayo. Nenani kuti pali mizere imene mwini wake ayenera kuimva yekha kwa achipatala, amene anaphunzira kupereka uphungu. Ndi bwino kunena zimenezi musanayambe kuwerenga pepala lililonse, kuti kukhala chete kwanu kusaulule kanthu. Chithunzicho chisatumizidwe pagulu la mphakati, ngakhale ndi cholinga chopempha mapemphero, ndipo mukamaliza kumasulira muchifufute m'foni mwanu.