Affect kapena effect? Yang'anani kawiri musanatumize imelo yonena za ntchito yochedwa

Ntchito ikachedwa, pamakhala kalata yoti ilembedwe. Woyang'anira ntchitoyo amayenera kufotokozera abwana, kapena amene anapereka ndalama, chimene chachedwetsa, zimene zisokonekere ndiponso tsiku latsopano lomalizira. M'maofesi athu makalata otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo masiku ano ambiri amapita pa imelo. M'kalata zoterezi simulephera kupezeka mawu awiri ovuta aja, *affect* ndi *effect*, chifukwa nkhani ya kuchedwa imazungulira pa zimene zakhudzidwa ndi zimene zatsatirapo.

Mawuwa amasokoneza ngakhale eni ake chinenerocho. Powatchula, mphamvu imagwera kumapeto, chilembo choyambacho chimangomveka pang'ono, moti munthu akamayankhula mofulumira simungadziwe kuti watchula liti. Choncho khutu silithandiza. Kamzere kofiira kamene kompyuta imaika pansi pa mawu olakwika nakonso sikathandiza, chifukwa kamagwira mawu amene mulibe mu dikishonale, pamene awiriwa onse alimo. Mapulogalamu ena amayesa kuona kamangidwe ka chiganizo, koma pena amagwira, pena amadutsitsa. Ntchitoyi imatsalira maso a wolemba.

Kawirikawiri *affect* ndi mneni, ndipo tanthauzo lake ndi kukhudza kapena kusokoneza chinthu chimene chilipo kale. *Effect* kawirikawiri ndi dzina, ndipo amatanthauza zotsatira. Ife oyankhula Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa kwa ife "kukhudza" ndi "zotsatira" sizifanana n'komwe. Mukafika pa liwu lokayikitsa, nenani chiganizocho m'Chichewa chamumtima, muone kuti mwa awiriwa lakhala bwino ndi liti.

Tiyerekeze kuti mayi wina akuyang'anira ntchito yomanga zipinda ziwiri zophunziriramo. Simenti inafika patadutsa milungu itatu, ndipo pamene makoma amafika pamwamba, mvula inali itayamba. Mayiyu walemba imelo yopita kwa mkulu woona za chuma, ndipo chiganizo choyamba chikuti: *The late delivery of cement has effected our schedule.* M'Chichewa akufuna kunena kuti kuchedwa kwa simenti kwasokoneza ndondomeko ya ntchito. Ndondomekoyo inalipo kale, simenti yangoikhudza. Apa pakufunika *affected*.

Chiganizo chachiwiri chikuti: *The rains will also have an affect on roofing.* Apa yang'anani kaliwu kali kutsogoloko, *an*. Timawu monga *an*, *the*, *any* ndi *no* timatsogolera dzina, osati mneni. Nthawi zina pakati pamalowa liwu lofotokoza, monga *a serious effect*, koma lamulo silisintha. Kumbuyo kwake nakonso kuli chizindikiro: *on* kapena *of* akatsatira, nthawi zambiri muli pa dzina. Choncho mayiyu akonze, alembe *an effect on roofing*. Akanathanso kulemba mwachidule kuti *The rains will also affect roofing*, ndipo onani kuti akatero *an* ndi *on* onse achoka, chifukwa mneniyu amagunda chinthu chokhudzidwacho mwachindunji.

Zolakwika ziwirizi zimachititsa manyazi, koma sizisocheretsa munthu. Wowerenga amadziwa chimene mumafuna kunena. Choopsa chili pa chiganizo chachitatu: *The delay will effect payment to the contractor.*

Chiganizochi n'cholondola pa malamulo a Chingerezi, ndipo vuto lake ndi lomwelo. *Effect* amathanso kukhala mneni, ndipo akatero amatanthauza kuchititsa kuti chinthu chichitike, kapena kuchikwaniritsa. Anthu a kuofesi ya zachuma amaudziwa bwino mneni ameneyu, chifukwa amalemba *effect payment* pafupifupi tsiku lililonse, kutanthauza kulipira. Chimodzimodzi *effect changes* ndiko kubweretsa kusintha. Mayi uja amafuna kuchenjeza kuti kuchedwaku kusokoneza malipiro a kontilakitala, mwina gawo lachiwiri la ndalama lidikire kaye mpaka denga litatha. Koma chimene walemba chikumveka ngati kuchedwaku kuchititsa kuti kontilakitala alipidwe. Mkulu wa zachuma amene akuwerenga maimelo ambirimbiri asanapite kumsonkhano akhoza kuona mawu awiri ozolowereka aja, n'kuganiza kuti akupemphedwa kukonza malipiro. Akakhala wosamala, aimba foni kufunsa, ndipo tsiku lipita. Akapanda kusamala, ndalama zituluka ntchito isanafike pamene inayenera kufika.

Pa chiganizo chotere, kuyang'ana kaliwu ka kutsogolo sikukwanira, chifukwa *will* amalola aneni onse awiri. Funso lothandiza ndi ili: kodi chinthu chimene chikutsatira mneniyo chinalipo kale ndipo chikungokhudzidwa, kapena chikubadwa chifukwa cha mneniyo? Ngati chinalipo kale, monga bajeti, ndondomeko, antchito kapena tsiku lotsegulira, lembani *affect*. Ngati mneniyo ndiye akuchibweretsa, lembani *effect*. M'kalata yodandaula za kuchedwa, pafupifupi nthawi zonse mumakhala mukunena za zinthu zimene zinalipo kale.

Chiganizo chomaliza cha mayiyu chikuti: *The revised schedule takes affect on 1 March.* Apa palibe zoganiza nthawi yaitali. Pali mawu ena oyendera limodzi amene amangofunika kuwasunga pamtima, ndipo onse amatenga *e*: *take effect*, *come into effect*, *with immediate effect* ndi *with effect from*, amene aliyense wolandirako kalata yokwezedwa paudindo kapena yosamutsidwa anawaonapo. Liwu la *effective* likamanena za tsiku loyambira nalonso limatenga *e*. Dzina lakuti *affect* liliponso, koma amaligwiritsa ntchito ndi akatswiri a za maganizo a munthu pofotokoza mmene munthu akuonetsera zimene akumva mumtima. M'imelo yonena za simenti ndi malata lilibe malo.

Kapezedwe kake n'kosavuta. Maso a munthu amene walemba yekha kalata amadumpha zolakwika chifukwa amawerenga zimene zili m'mutu, osati zimene zili patsamba. Ndiye musadalire kungowerenganso. Koperani imeloyo mu Word, dinani Ctrl+F, mulembe zilembo zisanu izi: *ffect*. Mukasiya chilembo choyamba chonchi, kompyuta ikuonetsani malo onse, kaya ndi *affected*, *effects* kapena *effective*, ndipo mudzaima pa lililonse n'kulifunsa. Musaiwale mutu wa imelo, chifukwa ambiri amakonza m'kati n'kusiya cholakwika pamwamba, pamene abwana amayambira kuwerenga.

Ine ndimaona kuti pa chiganizo chokhudza ndalama kapena masiku, ngakhale liwu lolondolalo silikwanira. Kunena kuti kuchedwa *will affect payment* n'kolondola, koma wowerenga atsala akudzifunsa kuti malipirowo akhudzidwa motani. Achedwa? Achepa? Aimitsidwa? Mayi uja akalemba kuti *The second payment to the contractor will move to March*, mkulu wa zachuma adziwa chochita popanda kuimba foni. Inunso mukafika pa chiganizo chimene mawu onse awiri akuoneka ngati akukwanira, musataye nthawi kusankha chilembo. Chilembeninso, munene poyera chimene chasintha ndi tsiku lake, kenako mutumize.