Nambala imodzi imene imagamula ngati kompyuta ipeza yankho

Mu 1823, katswiri wa masamu wa ku Jeremani, Carl Friedrich Gauss, analembera mnzake Gerling kalata yomuuza za njira yothetsera maikweshoni ambiri nthawi imodzi. Anati ndi yosavuta moti munthu angaichite uku akuwodzera. Umayamba ndi yankho longopeka, n'kumalikonza mobwerezabwereza mpaka lifike penipeni. Jacobi mu 1845 ndi Seidel mu 1874 anasindikiza njira zamtundu womwewu, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi mayina awo. Komatu njirayi nthawi zina imasochera, ndipo chimene chimaisocheretsa chimadziwika bwino lomwe.

Titenge maikweshoni awiri: 4x + y = 9 ndi x + 3y = 5. Yankho lake ndi x = 2, y = 1. Njira ya Jacobi imapeza x kuchokera ku ikweshoni yoyamba, y kuchokera ku yachiwiri: x = (9 − y)/4 ndi y = (5 − x)/3. Tikayambira pa (0, 0), ulendo woyamba tipeza (2.25, 1.67), wachiwiri (1.83, 0.92), wachitatu (2.02, 1.06). Tikuyandikira.

Tsopano tingosinthanitsa maikweshoniwo, kuti x = 5 − 3y ndi y = 9 − 4x. Funso ndi lomwe lija, yankho silinasinthe. Koma kuchokera pa (0, 0) tifika pa (5, 9), kenako (−22, −11), kenako (38, 97). Manambala athawa osabwerera.

Kuti timvetse, tisiye kuyang'ana yankho lopekalo, tiyang'ane mpata umene ulipo pakati pa ilo ndi yankho lenileni. Njira zonsezi zimalembedwa x(k+1) = Bx(k) + c, ndipo matirikisi B sasintha ulendo ndi ulendo. Yankho lenileni likalowa mu fomula imeneyi limatuluka momwe lalowera, choncho tikachotsera, c amachoka n'kutsala e(k+1) = Be(k), pamene e ndi mpata uja. Ndiye kuti ulendo uliwonse mpatawo umangochulukitsidwa ndi B. Funso lonse lagona apa: kodi kuchulukitsa ndi B kambirimbiri kumafikitsa chilichonse ku ziro?

Matirikisi aliyense ali ndi mbali zina zimene akachulukitsa nazo sapotoza, amangotalikitsa kapena kufupikitsa. Nambala yotalikitsirayo ndi aigenivaliyu. Tikayeza kutalika kwa aigenivaliyu aliyense kuchokera pa ziro n'kutenga wamkulu, tapeza sipekitiro radiyasi, ρ(B). Lamulo n'lakuti njirayo imafika pa yankho, kaya mwayambira pati, ngati ρ(B) < 1, ndipo pokhapo basi. Akakhala 1 kapena kuposa, pali poyambira pena pamene mpata wake wagona m'mbali ya aigenivaliyu wamkuluyo, ndipo mpata wotero suchepa. Ngakhale 1 weniweniyo sakwanira.

M'chitsanzo choyamba aigenivaliyu amakwaniritsa λ² = 1/12, choncho ρ ndi pafupifupi 0.29. Titasinthanitsa, λ² = 12 ndipo ρ ndi pafupifupi 3.46. Chinsinsi chonse n'chomwecho.

Ophunzira ambiri amaloweza lamulo lina losavuta: ngati mu mzere uliwonse wa maikweshoniwo nambala ya pa dayagonale ikuposa anzake onse ataphatikizidwa, osawerengera chizindikiro, Jacobi ndi Gauss-Seidel onse amafika. N'zoona, ndipo 4 ndi 3 aja ndi amene anatipulumutsa. Koma lamuloli likalephera sindiye kuti njira yalephera. Wogamula ndi ρ yekha.

Chimene ρ salonjeza ndi ulendo wosalala. Tengani B amene mzere wake woyamba ndi (0.5, 10), wachiwiri (0, 0.5). Apa ρ ndi 0.5. Mpata ukayamba uli (0, 1), umalumpha kukhala (10, 0.5), kenako (10, 0.25), kenako (7.5, 0.125), ndipo pofika ulendo wa 10 nambala yoyambayo yatsika pansi pa 0.2. Wothamangira kuzimitsa pulogalamu ataona 10 uja akanataya njira yabwinobwino.

Vuto loopsa kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi ρ woyandikira 1. Pa 0.29, maulendo awiri amakwanira kuchepetsa mpata kakhumi, pa 0.99 pamafunika maulendo pafupifupi 230. Zoterezi zimachitika kawirikawiri powerengera kufalikira kwa kutentha m'chitsulo chogawidwa tizigawo ting'onoting'ono, chifukwa tizigawo tikamachuluka ρ amasendera kufupi ndi 1. Pamenepo manambala amasuntha pang'ono kwambiri moti amaoneka ngati afika. Kunena zoona, mpata wotsala ndi pafupifupi kusintha kwa ulendo umodzi kugawa ndi 1 − ρ. Choncho pa 0.99, pulogalamu imene yaima chifukwa kusintha kwatsika kufika 0.001 ikhoza kukhala itaphonya yankho ndi 0.1. Wolemba pulogalamu wosamala amagawa kusintha kwa ulendo uno ndi kwa ulendo wapitawo. Nambala yotulukayo ikakhazikika, ndiyo ρ wake, ndipo ndi imene imamuuza poimira.