Akakuvutitsa ndi bwana wako, ukadandaule kwa ndani?

Tiyerekeze mtsikana wosesa ndi kuyala mabedi pa malo ogona alendo. Kapitawo wake wayamba kumutumizira mauthenga pa foni usiku, omuyamikira thupi, ndipo tsiku lina wamuuza kuti kontalakiti yake ikatha mwezi wamawa, kuiwonjezera kudzadalira "kumvana kwawo". Pa khoma la mu ofesi pali pepala la Chingerezi lonena kuti kampaniyo silola nkhanza, ndipo wochitidwa nkhanza akauze womuyang'anira. Womuyang'anirayo ndi kapitawo yemweyo. Mtsikanayu angokhala chete, ndipo mwini kampani apitiriza kunena kuti pamalo pake palibe vuto chifukwa palibe amene anadandaulapo.

Pepala lotere liyenera kulembedwanso, kuyambira pa tanthauzo. Kwa anthu ambiri, mawu oti nkhanza amatanthauza kumenya kapena kugwiririra, choncho wolandira mauthenga a usiku amaganiza kuti zake n'zazing'ono. Lamulo la m'chaka cha 2013 loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena zambiri kuposa apo. Gawo 6 limaletsa khalidwe lililonse lokhudza kugonana lomwe winayo sakulifuna, kaya ndi la mawu, la zizindikiro kapena logwira thupi, ngati munthu woganiza bwino akanadziwiratu kuti winayo akhumudwa, achita manyazi kapena aopsezedwa. Chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Ndondomeko ya pantchito itchule makhalidwewo mosapsatira, m'chiyankhulo cha ogwira ntchitowo: kusisita, kutumiza zithunzi zolaula, kuumirira chibwenzi munthu atakana, kulonjeza ntchito posinthana ndi thupi. Inenenso kuti mawu oti "ndimangocheza" sapulumutsa munthu, komanso kuti mwamuna nayenso akhoza kudandaula.

Koma pamene ndondomeko zambiri zimagwera ndi pa njira yokanenera. Gawo 7 la lamulo lomweli limafuna kuti pantchito pakhale munthu wosankhidwa, wosakhala mu mzere wa mabwana a wodandaulayo, woti akhoza kumufikira mwachinsinsi. Ine ndimaona kuti mmodzi sakwanira. Pakhale awiri, mayi ndi bambo, mayina awo ndi nambala zawo za foni zilembedwe poonekera, kufupi ndi pamene anthu amasinthira zovala osati mu ofesi ya bwana mokha. Ndipo dandaulo lapakamwa lilandiridwe. Amene salemba bwino afotokoze, wolandirayo alembe, amuwerengere, kenako asainire kapena adinde chala, n'kutenga pepala lake.

Lamulo limati madandaulo aunikidwe mwachangu. Mwachangu ndi masiku angati? Kampani ilembe manambala. Mwachitsanzo, mtsikana wathu akadandaula Lolemba, pofika Lachitatu akhale atalandira kalata yotsimikiza kuti nkhani yake yamveka. Ofufuza amve mbali yake, amve mbali ya kapitawo paokha, aone mauthengawo, ndipo pasanathe masiku 30 onse awiri auzidwe chigamulo ndi kumene angakachite apilo. Pepalalo limulangizenso asafufute mauthenga, ndiponso alembe tsiku, malo ndi amene analipo. Kuwaika awiriwa m'chipinda chimodzi kuti "akhululukirane" ngati nkhani ya kwa ankhoswe n'kulakwitsa, chifukwa wina ali ndi mphamvu pa malipiro a mnzake.

Chimene wodandaula amaopa kwambiri ndi mawa lake. Lamulo limalamula mkulu wa pantchito kuteteza antchito kuti asabwezeredwe chifukwa chodandaula, koma kubwezera sikubwera ndi dzina. Kumabwera ngati kuikidwa pa shifiti ya usiku mwadzidzidzi, kulandira kalata yochenjeza pa cholakwa chomwe ena amachita osafunsidwa, kapena kontalakiti kungotha mwakachetechete. Ndondomeko itchule zimenezi, iteteze mboni, ndipo inene kuti pamene nkhani ikufufuzidwa, kapitawoyo sakhalanso ndi mawu pa ntchito ya mtsikanayo. Ngati wina asunthidwe, asakhale wodandaulayo pokhapokha atapempha yekha. Woneneredwa nayenso lamulo limamuteteza ku mabodza, komabe pepalalo lisiyanitse bodza lochita kupeka ndi dandaulo losowa umboni wokwanira. Kuopseza kuti "wolephera kupereka umboni adzalangidwa" kumatseka pakamwa anthu oona.

Chiganizo china chimene mabwana ambiri safuna kuchilemba n'chakuti wodandaula sayenera kudikira kuti njira za pakampani zithe asanapite kupolisi kapena kukhoti. Gawo 7 limatero, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, lomwe linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, limalandira madandaulo otere.

Inu olemba anthu ntchito, tengani pepala lanulo mumuwerengere mlonda kapena wosesa, kenako mumufunse kuti atavutitsidwa ndi bwana wake angapite kwa ndani. Akalephera kutchula dzina, kalilembeninso.