Mau Otizungulira M'cipinda Cocezera

Pa bokosi la masipika timawerengapo 5.1. Ndiko kuti masipika atatu kutsogolo, awiri m'mbali mwathu, ndi imodzi ya mau ogunda ngati ng'oma.

Nanga mau adzafika bwanji kumeneko? Mwa mabowo a HDMI ali kumbuyo kwa TV, limodzi lokha ndilo limatulutsa mau. Lalembedwa eARC. Tilowetse waya m'menemo, ndiponso m'bowo la dzina lomwelo pa cokuzira mau. Njira yakale, ARC, imapanikiza mau a 5.1, koma eARC, imene inabwera mu 2017, imawapereka athunthu. Cida cimodzi cikakhala ca ARC cabe, tidzamva monga mwa njira yakaleyo.

Masipika a m'mbali akakhala cete, tisafulumire kubweza katundu kusitolo. Kawirikawiri TV imakhala pa PCM, nitumiza mau a masipika awiri okha. Tisankhe Passthrough kapena Auto.