Anatumiza madola 500 koma afika 475: enawo atsala kuti?

Amayi, tiyerekeze kuti pa msonkhano wa bungwe lanu kuno kwa Chapananga amayi apampando alengeza nkhani yabwino. Mwana wa m'parishi mwanu amene amagwira ntchito ku Joni watumiza madola 500 kudzera kubanki kuti mugulire malata a kachisakasa ka sikelo ya ana. Amayi asungichuma akwera galimoto kupita kubanki ku Nchalo, koma pobwera ndalama zapelewera ndi K52,500. Manong'onong'o ayamba: “Kodi sanadyeko panjira?”

Musanaweruze mnzanu, dziwani kuti ndalama zochokera kunja zimatha kudulidwa zisanalowe n'komwe m'Malawi. Amene amazidula ndi banki ina imene inu simuidziwa, ndipo mwina wotumizayo saidziwanso. Tiitchule kuti banki yapakati.

Banki yapakati imabwera bwanji?

Ganizirani za thumba la mapira limene mukufuna lifike kwa m'bale wanu ku Lilongwe. Palibe galimoto yochoka pakhomo panu mpaka pakhomo pake. Thumbalo likwera matola mpaka ku Chikwawa, likwerenso minibasi yokwera mapiri kupita ku Blantyre, kenako basi ya ku Lilongwe. Inu mukalipira galimoto yoyamba yokha, kondakitala wapakatiyo satenga katundu mwaulere. Atapa mapira ena m'thumbamo ngati malipiro ake, ndipo thumba lifika lophwa.

Ndalama zimayendanso choncho. Banki ya ku Joni situmiza madola m'envulopu. Imatumiza uthenga kudzera m'njira yotchedwa SWIFT, imene mabanki a padziko lonse amalankhulirana, ndipo likulu lake lili ku Belgium. Koma uthenga si ndalama. Kuti ndalama zenizeni zisamuke, mabanki awiriwo ayenera kukhala ndi akaunti malo amodzi. Mabanki ambiri akunja alibe akaunti ku banki ya kuno kwathu, choncho amadutsira ku banki yaikulu imene onse awiri amasungitsako ndalama. Ngati ndalamazo ndi madola a ku Amerika, banki imeneyo nthawi zambiri imakhala ku New York. N'zodabwitsa koma zoona: madola ochokera ku Joni angathe kudzera ku Amerika asanafike ku Blantyre. Banki ya ku New York imachotsa ndalama mu akaunti ya banki yotumiza n'kuziika mu akaunti ya banki yolandira, ndipo pa ntchito imeneyo imatapapo yake. Nthawi zina mabanki apakati amakhala awiri, ndipo iliyonse imatha kutapa.

Tiwerengere limodzi

Mitengo imasiyana banki ndi banki, choncho manambala awa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti tsiku limenelo banki ikugula dola imodzi pa K1,700. Inu munawerengera madola 500, n'kupeza K850,000.

Banki yapakati yadula madola 25. Amene afika m'Malawi ndi madola 475, amene ndi K807,500. Pamenepa K42,500 yapita kale, amayi asungichuma asanadzuke n'komwe. Kenako banki yanu yadula K10,000 ngati malipiro olandirira ndalama zakunja. Zatsala K797,500. Mukaphatikiza K42,500 ndi K10,000, mupeza K52,500 ija imene inautsa manong'onong'o.

Onetsetsani kuti mwawerengera ndi mtengo umene banki imagulira dola. Mukawerengera ndi mtengo umene mwamva kwa osintha ndalama a m'misika, kupelewerako kudzaoneka kwakukulu kuposa pamenepa, koma imeneyo si nkhani ya banki yapakati ayi.

Chinthu china chofunika n'chakuti banki yapakati kawirikawiri imadula ndalama yofanana kapena yosasiyana kwenikweni, kaya zotumizidwazo ndi zambiri kapena zochepa. Madola 25 pa madola 500 ndi asanu pa 100 alionse. Koma mwana uja akanatumiza madola 100 kasanu, akanadulidwa kasanunso: madola 125 akanathera panjira, ndipo kuno kukanafika 375 okha. N'chifukwa chake kutumiza pang'onopang'ono kudzera kubanki kumapweteka kwambiri.

Timawu titatu ta pafomu

Wotumiza akamalemba fomu kubanki kapena pafoni, amafunsidwa kuti adzalipire ndani ndalama za panjira. Pamakhala timawu titatu, ndipo ndi bwino muwauze ana anu za timawuti.

`SHA` akutanthauza kugawana. Wotumiza amalipira banki yake yokha, ndipo zapakati zimadulidwa pa ndalama zimene zikubwera kwa inu. Izi ndi zimene zinachitika m'chitsanzo chathu. Anthu ambiri amasankha kameneka osadziwa, chifukwa pamafomu ambiri kamakhala kosankhidwiratu. N'chifukwa chake mwana uja amalumbira kuti analipira zonse: analipiradi, koma galimoto yoyamba yokha.

`BEN` akutanthauza kuti wolandira ndiye alipire zonse. Ngakhale malipiro a banki yotumiza amachotsedwa m'thumba lomwelo, choncho ndalama zimafika zochepa koposa.

`OUR` akutanthauza kuti wotumiza walipiriratu ulendo wonse. Iye amawononga ndalama zambiri pang'ono tsiku lotumiza, koma cholinga chake n'chakuti madola 500 afike athunthu. Komabe dziwani kuti ndalama zikadutsa m'mabanki angapo, nthawi zina ina imadulabe, ndipo banki ya kuno ingathe kukhala ndi malipiro akeake. Mafomu ena atsopano amalemba `SHAR`, `CRED` ndi `DEBT` m'malo mwa timawu titatu tija, motsatana momwemo.

Mungadziwe bwanji amene wadula?

Pemphani mapepala awiri. Loyamba lichokere kwa wotumiza: apemphe kubanki yake chikalata chotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa, chimene ambiri amachitcha `MT103`, ndipo akujambulireni pafoni. Pamenepo pamaoneka ndalama zimene anatumiza ndi kamawu kamene anasankha. Lachiwiri mutenge kubanki yanu: pepala losonyeza madola amene afika, mtengo umene asinthira, ndi zimene banki yanuyo yadula.

Ikani mapepalawo pamodzi. Ngati loyamba likuti 500 ndipo lachiwiri likuti 475, madola 25 atsala kubanki yapakati. Ngati ndalama zimene amayi asungichuma abweretsa zikufanana ndi zimene zalembedwa mmunsi mwa pepala lachiwiri, mlandu palibe. Alembi awerenge manambalawo pamaso pa onse ndi kuwalemba m'buku la bungwe.

Samalaninso ndi dzina ndi nambala ya akaunti. Dzina limene mwapatsa wotumiza lifanane ndendende ndi limene lili kubanki. Zikasiyana, ndalama zingathe kuimitsidwa kapena kubwezedwa, ndipo pobwerera mabanki a panjira amatha kudulanso. Zimafika kwa mwini wake zitachepa, inu musanazikhudze.

Nanga ndalama zapakhomo?

Pa ndalama zochepa monga za fizi kapena za kuchigayo, mabanja ambiri amagwiritsa ntchito makampani otumiza ndalama monga Mukuru. Makampani otere amakhala ndi ndalama kuno kale, choncho wotumiza amauzidwiratu makwacha amene mudzalandire. Nawonso sagwira ntchito mwaulere: phindu lawo lili m'malipiro ndi m'mtengo wosinthira. Choncho funso loyenera kufunsa, kaya ndi kubanki kapena kukampani, si lakuti “kutumiza ndi zingati?” koma lakuti “kwa Chapananga kufika makwacha angati?”

Ndipo bungwe lanu likalonjezedwa ndalama zakunja, musathamangire kukatenga malata pangongole potengera nambala imene mwamva pafoni. Dikirani kaye pepala la kubanki, muone zimene zafikadi, kenako muitane mmisiri.