Sinthani mutu umodzi, mitu yonse itsatire

Tinene kuti wophunzira wa ku koleji wamaliza lipoti la masamba 60, ndipo aphunzitsi amubwezera kuti mawu onse akhale mu Times New Roman saizi 12, mizere italikirane 1.5, mitu ikhale saizi 14, yakuda ndi yonenepa. Ambiri zikatere amayamba tsamba loyamba, kusankha mutu, kuukuza, kupita pa wina, mpaka usiku. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi zochepa kwa munthu wodziwa masitayilo a Microsoft Word.

Sitayilo ndi dzina lomwe ndime imapatsidwa, ndipo dzinalo limanyamula malamulo a maonekedwe: mtundu wa zilembo, kukula kwake, ndi mpata wa pakati pa mizere. Zili ngati yunifomu ya kwaya: mukagwirizana kusintha nsalu, onse a m'gulumo amasinthira limodzi. Masitayilowa ali pamwamba, pa Home. Mawu wamba amakhala mu Normal, mitu ikuluikulu mu Heading 1, timitu ta m'kati mwa chaputala mu Heading 2.

Choyamba, Word ayenera kudziwa kuti mutu ndi uti. Mzere womwe munangoukuza ndi kuunenepetsa pamanja, kwa iye udakali Normal. Dinani pa mzere wa mutuwo, kenaka dinani Heading 1, kapena Ctrl+Alt+1. Apa pokha ndi pomwe muyende mutu ndi mutu, ndipo mudzachita kamodzi kokha. Kuti muone ngati palibe womwe mwaudumpha, pitani pa View, muchonge Navigation Pane. Mitu yonse yomwe Word akuidziwa indandalikidwa kumanzere. Womwe palibe, ndiye kuti sunalandire sitayilo.

Tsopano kusintha kwenikweni. Ikani mausi pa Heading 1, dinani batani la kumanja, musankhe Modify. M'bokosi lomwe litseguke sankhani Times New Roman, 14, dinani B, ndipo mtundu wa buluu womwe Word amaika pa mitu muusinthe ukhale wakuda. Mukadina OK mitu yonse isintha nthawi yomweyo. Chitani chimodzimodzi ndi Normal, saizi 12. Za mizere zili pansi pa bokosi lomwelo: Format, kenaka Paragraph, ndipo pa Line spacing musankhe 1.5 lines.

Koma Normal ndi wofunika kumugwira mosamala, chifukwa masitayilo ambiri anamangidwa pa iye. M'bokosi la Modify muli mzere wa Style based on, womwe umaonetsa kholo la sitayilo iliyonse. Mwana amatengera kwa kholo chilichonse chomwe sanadziikire yekha. N'chifukwa chake mukatalikitsa mizere ya Normal, mungapeze kuti matebulo atupa n'kusefukira tsamba lina. Mitu ili ndi mtundu wakewake wa zilembo, motero kusintha Normal sikuikhudza pa mbali imeneyo. Ine ndimaona kuti pa chikalata chachitali, chokhala ndi matebulo ambiri, ndi bwino kuika ndime za nkhani mu Body Text n'kumasintha imeneyo, Normal n'kumusiya.

Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti, "Ndasintha sitayilo koma ndime zina zakana." Sikuti kompyuta yawonongeka. Ndime zimenezo zinasinthidwapo pamanja, kapena zinakoperedwa kwina n'kubwera ndi maonekedwe awo, ndipo kusintha kwa pamanja kumaposa sitayilo mphamvu. Sankhani ndime yokanayo, dinani Ctrl+Space kuti zilembo zibwerere ku lamulo la sitayilo, ndi Ctrl+Q kuti mipata ya ndime ibwererenso. Chenjerani apa: Ctrl+Space amafufutanso mawu omwe munawapendeketsa dala, monga mayina a mabuku. Musasankhe chikalata chonse n'kudina mwachimbulimbuli. Yendani ndime ndi ndime pomwe pali mawu otere.

Pansi pa bokosi la Modify pali zinthu ziwiri zoti muziyang'ane musanadine OK. Kabokosi ka Automatically update kasiyeni kosachonga, apo ayi tsiku lomwe mudzasunthire mutu umodzi pakati pa tsamba, mitu yonse idzasunthira pakati osakufunsani. China ndi kusankha pakati pa Only in this document ndi New documents based on this template. Choyambacho chimakhudza fayilo yokhayi. Chachiwiri chimalowa m'zikalata zatsopano zomwe zidzatsegulidwe pambuyo pake, choncho pa kompyuta ya ku ofesi kapena ya pamalo olembetsa makalata, musachisankhe osafunsa eni ake.

Mitu ikakhala mu Heading 1 ndi Heading 2, tsamba la zam'katimu simulilembanso pamanja. Pitani pa References, musankhe Table of Contents, Word atolera mitu ndi manambala a masamba yekha. Saizi ndi mipata zikasintha, masamba amasuntha, ndiye musanapite kukasindikiza dinani Update Table kuti manambala agwirizane ndi masamba enieni.